Webusaiti ya msonkhano imayambira pa kaundula

Komiti yokonza msonkhano waukulu ikafika pa nkhani ya webusaiti, nthawi yambiri imathera pa maonekedwe. Amakangana za mtundu wa utoto, za chithunzi cha wapampando, za malo oika chizindikiro cha kampani yomwe yathandiza ndi ndalama. Zimenezi zili ndi malo ake, koma si zomwe zimasokoneza msonkhano. Chomwe chimasokoneza chimaonekera m'mawa wa tsiku loyamba pa tebulo la pakhomo, pamene mayi wina wochokera ku Mzuzu waima ndi foni m'manja akuti, "Ine ndinalipira kalekale, uthenga wake ndi uwu," koma dzina lake pa ndandanda palibe. Kumbuyo kwake mzere ukutalika, ndipo mlendo wolemekezeka watsala pang'ono kufika.

Webusaiti ya msonkhano imakhala ndi zigawo zinayi zooneka: pulogalamu, masamba a olankhula, fomu yolembetsera ndi polipirira tikiti. Pansi pa zonsezi payenera kukhala kaundula mmodzi wodziwa yemwe walembetsa, yemwe walipira, ndi yemwe walowa m'holo. Komiti yomwe yagwirizana za kaundulayu isanaitane katswiri wopanga webusaiti yachita kale gawo lovuta la ntchitoyo.

Tiyerekeze kuti bungwe lina la akatswiri likukonza msonkhano wa masiku awiri ku Bingu International Convention Centre ku Lilongwe, ndipo chipinda chomwe abwereka chili ndi mipando 300. Funso loyamba ndi lakuti mipando yogulitsa ndi ingati. Si 300. Olankhula, a komiti, atolankhani ndi alendo a makampani othandiza nawo amakhala pansi ndipo nawo amadya nkhomaliro. Ngati amenewa akwana 40, matikiti ogulitsa ndi 260, ndipo nambala imeneyi iyenera kulembedwa m'makina kuti tikiti ya 260 ikapita, khomo lizitsekeka lokha. Anthu 40 osalipirawo nawonso alowe m'kaundula yemweyo, ndi tikiti ya mtengo wa ziro. Akasungidwa pa pepala lina m'chikwama cha mlembi, chiwerengero chomwe chidzapite kwa ophika chidzakhala cholakwika, ndipo mabaji awo sadzasindikizidwa.

Munthu aliyense akangodzaza fomu, makina amupatse nambala yakeyake. Ikhale yaifupi, yoti atha kuitchula pa foni popanda kubwereza katatu, monga `MS-0147`. Nambala imeneyi ndiyo imatsata munthuyo paliponse: pa imelo yomuyankha, pa invoyisi, pa malipiro, pa lisiti ndi pa baji. Dzina palokha silithandiza, chifukwa pa msonkhano wa anthu 300 ku Malawi kuno a Banda ndi a Phiri amakhalapo ambiri, ndipo ena amafanana ndi dzina loyamba lomwe. Mzere wa munthu mmodzi m'kaundula ungaoneke motere:

```
ref: MS-0147
ticket: member
amount: 150000
status: pending
```

Mawu omalizawo ndiwo mtima wa nkhani yonse. Kulembetsa ndi kulipira ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo pakati pake patha kupita mphindi imodzi kapena masabata atatu. Choncho komiti igwirizane za masitepe omwe munthu amadutsamo: walembetsa ndipo tikudikira ndalama, walipira, nthawi yamuthera, wabwezeredwa ndalama, walowa. Igwirizanenso kuti ndani ali ndi mphamvu yosuntha munthu kuchoka pa sitepe ina kupita pa ina. Ine ndimaona kuti anthu amenewa asapitirire awiri, msungichuma ndi womuthandiza, ndipo makina azilemba dzina la wosinthayo ndi nthawi yake. Aliyense wa m'komiti akakhala ndi kiyi, mnzake akamuimbira foni amangomulemba kuti walipira "poti ndi munthu wodziwika", ndipo pa tsiku lowerengera ndalama palibe amakumbukira.

Tsopano ndalamazo zimabwera bwanji? Kwa ife njira zake ndi zitatu, ndipo iliyonse ili ndi vuto lake.

Yoyamba ndi ya pa foni, Airtel Money ndi TNM Mpamba. Makomiti ambiri amangolemba nambala ya foni pa webusaiti n'kunena kuti amene watumiza ndalama atumizenso sikirinishoti pa WhatsApp. Pa msonkhano wa anthu makumi atatu zimenezi zimayenda. Pa anthu 260 zimasanduka chisokonezo. Munthu amatumiza kudzera kwa ajenti kapena pa foni ya amuna ake, ndiye dzina lomwe lafika kwa msungichuma silikugwirizana ndi lomwe lili pa fomu. Wina amatumiza K149,000 poganiza kuti zotsalazo ndi zodulidwa. Ndipo sikirinishoti si umboni: chithunzi chimasinthika mosavuta, komanso chithunzi chimodzi chitha kutumizidwa ndi anthu awiri. Ngati komiti yasankhabe njira imeneyi, umboni ukhale nambala ya malipiro yomwe imabwera mu uthenga wa kampani ya foni, ndipo msungichuma aione nambalayo pa sitetimenti ya bungwe asanasinthe chilichonse. Makina azikana nambala yomwe inagwiritsidwapo kale ntchito.

Njira yabwino kuposa iyi ndi kudzera ku kampani yolandirira ena malipiro pa intaneti. Stripe, yomwe maphunziro ambiri a pa intaneti amaitchula, sitsegulira akaunti mabizinesi a ku Malawi, choncho katswiri akabwera ndi pulani yotsamira pa iyo, mufunseni kuti ndalamazo zikagwera m'dziko liti komanso m'dzina la yani. Kwathu kuno kuli makampani monga PayChangu, omwe amalandira Airtel Money, Mpamba ndi makhadi a kubanki pa tsamba limodzi. Wolipira amalemba nambala ya foni yake, foniyo imamufunsa nambala yachinsinsi, akatsimikiza ndalama zimapita ndipo webusaiti imauzidwa. Kutsegula akaunti yotere kumafuna zikalata za bungwe ndi akaunti ya kubanki, ndipo kuziunika kumatenga masiku, ndiye ntchitoyi iyambe msanga, webusaiti isanamangidwe n'komwe.

Pali kanthu kena ka ukatswiri komwe ngakhale wapampando wosadziwa za makompyuta ayenera kukamvetsa, chifukwa ndi komwe kanasowetsa dzina la mayi wa ku Mzuzu uja. Munthu akamaliza kulipira, webusaiti itha kudziwa m'njira ziwiri. Njira ina ndi yakuti foni ya wolipirayo imabwerera ku tsamba lothokoza, ndipo tsambalo likatseguka, makina amalemba kuti walipira. Koma netiweki ikaduka pa mphindi imeneyo, kapena bandulo ikatha, kapena munthuyo akangotseka tsamba ataona uthenga woti ndalama zachoka, tsamba lothokozalo silitseguka. Ndalama zapita, kaundula sakudziwa. Njira inayo ndi yakuti kampani ya malipiro imatumiza uthenga wake molunjika ku kompyuta yosunga webusaiti, osadutsira pa foni ya munthu. Uthenga umenewu pa makina umalembedwa kuti `webhook`. Webusaiti yomangidwa bwino imadalira umenewu, kenako imafunsanso kampaniyo kuti itsimikize kuti ndalama za `MS-0147` zafikadi ndipo ndi K150,000 yathunthu. Uthengawu nthawi zina umabwera kawiri, choncho makina ayenera kuzindikira kuti ndi malipiro omwe aja, osatulutsa matikiti awiri.

Kuyesa ngati zimenezi zachitidwa n'kosavuta ndipo sikufuna katswiri. Gulani tikiti yoyeserera ya ndalama zochepa, ndipo mukangolemba nambala yachinsinsi, zimitsani intaneti pa foniyo. Dikirani mphindi zingapo n'kutsegula kaundula pa kompyuta ina. Akaonetsa kuti mwalipira, ntchito ili bwino. Akaonetsabe `pending`, musatsegule kulembetsa mpaka akonze.

Makampani amenewa amadula gawo lawo pa malipiro alionse, ndipo komiti iwerengeretu. Tiyerekeze kuti akudula K3 pa K100 iliyonse. Pa tikiti ya K150,000 ndiye kuti K4,500 yapita, ndipo matikiti onse 260 akadutsa njira imeneyi, bajeti yachepa ndi K1,170,000. Ndalama zimenezi zitha kuphatikizidwa mu mtengo wa tikiti kapena kuonjezeredwa pa nthawi yolipira. Kuphatikiziratu n'kwabwino, chifukwa wantchito yemwe abwana ake avomereza K150,000 akaona K154,500 pa tsamba lomaliza amabwerera kukapemphanso chilolezo, ndipo ena sabwereranso. Mufunsenso kuti ndalama zimatenga masiku angati kuchoka ku kampaniyo kufika ku akaunti yanu, poti a hotelo amafuna zawo msonkhano usanayambe.

Njira yachitatu ndiyo imabweretsa ndalama zambiri pa misonkhano ya akatswiri, ndipo ndiyo yomwe opanga mawebusaiti amaiiwala kawirikawiri. Anthu ambiri opita ku msonkhano ku Lilongwe kapena ku nyanja ku Mangochi salipira okha. Amawalipirira ndi a ku ntchito kwawo: unduna, banki, bungwe lothandiza. Ku ofesi ya zachuma sagwira ntchito ndi batani la pa webusaiti. Amafuna invoyisi yokhala ndi dzina la bungwe lanu, akaunti ya kubanki ndi nambala ya msonkho, imadutsa pa matebulo angapo kuti isainidwe, kenako ndalama zimatumizidwa pamodzi za gulu lonse.

Tiyeni titsate nkhani imodzi. Ofesi ina yalembetsa anthu 12, ndipo invoyisi yatuluka ya K1,800,000. Patatha masabata awiri, pa sitetimenti ya banki pafika K1,650,000, ndi mawu akuti ndi za msonkhano basi, popanda nambala iliyonse. Msungichuma ayamba wafufuza kuti zachokera kuti. Atapeza, aona kuti ndalamazo ndi za anthu 11. Kodi wachotsedwa ndani? Pa nthawi yomweyo ofesi ija yatumiza imelo yoti awiri mwa anthu aja sabwera, m'malo mwawo mubwera ena. Webusaiti yomwe imangodziwa munthu mmodzi ndi tikiti imodzi singathe kunyamula zimenezi, ndipo zonse zimathera pa mapepala a msungichuma, kunja kwa kaundula.

Pokonza pulani, ndiye, pakhale kulembetsa kwa gulu. Munthu mmodzi wa ku ofesiko, yemwe dzina ndi foni yake mukuzisunga, amagula mipando 12 pa invoyisi imodzi yokhala ndi nambala yake, ndipo pansi pa invoyisiyo pamakhala matikiti 12, iliyonse ndi nambala yake. Mayina atha kusintha mpaka tsiku lomwe mwaika, mwina masiku asanu msonkhano usanayambe, kuti mabaji asindikizidwe. Pa invoyisi palembedwe ndi zilembo zazikulu kuti nambala yake ilembedwe potumiza ndalama. Ndalama zikafika zoperewera, makina alole msungichuma kulemba kuti matikiti 11 alipiridwa ndipo imodzi ikudikira, ndipo munthu wa ku ofesi uja asankhe yekha kuti yodikirayo ndi ya yani.

Apa pakubukanso funso lina lomwe komiti iyenera kuyankha, osati katswiri: mpando wa munthu yemwe sanalipire usungidwe mpaka liti? Mukapanda kuika malire, webusaiti idzaonetsa kuti matikiti atha pamene theka la anthuwo sanapereke kanthu, ndipo omwe anali ndi ndalama m'manja abwezedwa. Wolipira pa foni kapena pa khadi mphindi 30 zimamukwanira. Wa invoyisi apatsidwe masiku 14, ndi uthenga womukumbutsa kutatsala masiku atatu. Nanga unduna womwe watumiza kalata yolonjeza kuti udzalipira msonkhano ukatha? Zimenezi zimachitika, ndipo kukana kapena kuvomera ndi chisankho cha komiti. Mukavomera, anthuwo akhale ndi sitepe yawoyawo m'kaundula, yoti aloledwa kulowa koma ali ndi ngongole. Kuwalemba kuti alipira pofuna kuti mabaji awo atuluke ndi njira yotayira ndalamazo.

Ngati mukuyembekezera alendo akunja, mtengo wawo ulembedwe padera m'madola, ndipo mtsimikize kuti kampani ya malipiro imalandira makhadi akunja. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Komiti yomwe imagulitsa matikiti m'makwacha miyezi isanu ndi umodzi msonkhano usanachitike, pamene ikuyenera kugula matikiti a ndege a olankhula, iganizire zimenezi poika mitengo. Za makhadi lamulo ndi limodzi: nambala ya khadi ilembedwe pa tsamba la kampani ya malipiro, isadutse kapena kusungidwa pa webusaiti yanu.

Fomu yolembetsera ikhale yaifupi, poti ambiri adzaidzaza pa foni ndi chala chimodzi. Dzina monga lidzaonekere pa baji, imelo, nambala ya foni, kuntchito, mtundu wa tikiti, zakudya zomwe sadya, ndi ngati akufuna thandizo lapadera monga njira ya njinga ya olumala kapena womasulira chinenero cha manja. Funso lililonse lomwe wina wa m'komiti akufuna kuonjezera, afunsidwe kuti yankho lake adzaligwiritsa ntchito yanji. Nambala ya chiphaso cha unzika ndi tsiku lobadwa kawirikawiri sizifunika. Malawi ili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, lomwe MACRA ndiyo ikuyang'anira, ndipo mzimu wake ndi wakuti mutenge zokhazo zomwe mukuzifunadi, munene chifukwa chake, ndipo muzisunge bwino. Kampani yothandiza ikapempha ndandanda ya mafoni a obwera, ipatsidwe a okhawo omwe anavomera pa fomu, pa kabokosi komwe anachonga okha.

Pulogalamu ndi masamba a olankhula zili ndi msampha umodzi waukulu, womwe ndi kulemba chinthu chimodzi malo awiri. Pulogalamu ya msonkhano imasintha mpaka usiku womaliza. Ndege ya wolankhula yachedwa, nduna yasuntha nthawi yotsegulira, zokambirana ziwiri zasinthana zipinda. Ngati nthawi ya gawo lililonse inalembedwa pamanja pa tsamba la pulogalamu, n'kulembedwanso pa tsamba la wolankhula, wina adzasintha pamodzi n'kuiwala penapo. Gawo lililonse lilembedwe kamodzi, ndi mutu wake, tsiku, nthawi yoyamba ndi yomaliza, chipinda ndi olankhula, ndipo masamba onse azitenga kuchokera pamenepo. Mapulogalamu a pa kompyuta opangidwira misonkhano, monga Indico yomwe inapangidwa ku CERN, kapena pretalx, amagwira ntchito motere, ndipo amene akumanga pa WordPress athanso kuzikonza choncho. Ubwino wina ndi wakuti makina atha kuchenjeza mukaika munthu mmodzi m'zipinda ziwiri pa ola limodzi.

Pulogalamu ya PDF anthu amaikonda chifukwa imayenda pa WhatsApp, koma ikangotuluka simungaibweze. Yakale imazungulirabe m'magulu pamene yatsopano inatuluka dzana. Ngati muitulutsa, pamwamba pake palembedwe tsiku lomwe yakonzedwa ndi adiresi ya tsamba lomwe lili ndi zatsopano. Ndipo ngati ena adzatsatira pa intaneti ali kunja, lembani kuti nthawizo ndi za ku Malawi. Lusaka, Harare ndi Johannesburg ali pa ola limodzi ndi ife, Nairobi ili patsogolo ndi ola limodzi, pamene London imatsalira ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo ya chaka.

Kwa olankhula, vuto si makina koma kutolera. Atumizireni fomu imodzi yopempha dzina ndi udindo monga akufuna zilembedwe, mbiri ya mawu osapitirira 100, chithunzi, ndi chilolezo choti muziike poyera. Mukapanda kuika malire a mawu mudzalandira mbiri ya masamba anayi kwa wina ndi mizere iwiri kwa mnzake. Maudindo a ulemu muwalembe ndendende monga mwini wake walembera, chifukwa kuiwala "Pulofesa" kumabweretsa foni yaukali kuposa kulakwitsa chipinda. Musaike dzina la munthu yemwe sanavomere molemba, ngakhale atakhala wotchuka bwanji, poti anthu amagula tikiti chifukwa cha dzinalo. Zithunzi zichepetsedwe zisanakwezedwe. Chithunzi chochokera pa kamera chitha kulemera 4 MB, ndipo zikakhala 40 pa tsamba limodzi ndi 160 MB za bandulo ya mwini foni. Zikachepetsedwa kufika pafupifupi 100 KB chilichonse, tsamba lonse limakhala 4 MB ndipo nkhope zimaonekabe bwino.

Malamulo obweza ndalama alembedwe tikiti yoyamba isanagulitsidwe, ndipo aoneke pafupi ndi batani lolipirira: mpaka tsiku liti munthu angabwezeredwe zonse, liti theka, ndi liti pomwe angangopereka mpando wake kwa mnzake. Ndalama zibwerere komwe zinachokera. Ngati inalipira ndi ofesi, zibwerere ku akaunti ya ofesiyo, osati pa foni ya wantchito yemwe wabwera kudzapempha. Komanso dzina la webusaiti, kaya likuthera ndi `.mw` kapena `.org`, pamodzi ndi akaunti ya malipiro, zilembetsedwe m'dzina la bungwe ndi imelo ya bungwe. Zikakhala m'dzina la katswiri kapena la mlembi wa chaka chino, komiti ya chaka chamawa idzayamba ndi kusakasaka munthu.

Pakhomo, tikiti iliyonse ikhale ndi kachizindikiro ka QR koti foni ya wolandira alendo iwerenge n'kulemba kuti munthuyo walowa, ndipo ikawerengedwa kachiwiri ichenjeze. Koma anthu mazana akalumikiza mafoni awo pa intaneti ya pamalopo nthawi imodzi, imafooka, ndipo magetsi athanso kuthima. Choncho madzulo a tsiku lomaliza kukonzekera, sindikizani kaundula yense kawiri, wina motsatira mayina, wina motsatira manambala. Patebulo lalikulu pazidutsa okhawo omwe zawo zili bwino. Pambali pakhale tebulo lina pomwe pakhale msungichuma ndi laputopu, sitetimenti ya banki ya m'mawa womwewo ndi mabaji osalemba, kuti aliyense yemwe dzina lake lavuta apite kumeneko mzere uzipitirira.